Kalata ya kwa dokotala wa khungu iyambe ndi mafuta amene nkhope yadzola

Munthu wa ku Katowo amene nkhope yake yakhala ikufiira ndi kuwotcha kwa zaka zingapo sakumana ndi katswiri wa khungu tsiku loyamba. Amayambira pa chipatala cha Katowo, m'dera la Hewe kwa Katumbi, kufupi ndi malire a Zambia. Zikakanika pamenepo amamulembera kuti apite ku chipatala chachikulu cha boma la Rumphi, ulendo wodzera ku Bolero, ndipo nthawi zina amamupititsanso ku chipatala chachikulu cha Mzuzu. Ulendo wotere umadya ndalama za galimoto, umasiyitsa ntchito ya kumunda, ndipo ambiri sangaubwereze kawirikawiri. Pamapeto pake wodwala amakhala pampando kwa mphindi zochepa, kunja kuli mzere wa anthu, nkumayembekezeka kufotokoza mbiri ya zaka zitatu kapena zisanu. Mpake kuti ambiri amangoti, “Ndadzola mankhwala osiyanasiyana koma sizikusintha.” Mawu amenewa ndi oona, koma dokotala sangagwire nawo ntchito.

Mfundo yanga ndi yakuti munthu wotere alembe kalata asananyamuke, ya tsamba limodzi, ndipo pamtima pa kalatayo pakhale mndandanda woona wa mafuta, sopo ndi mankhwala onse amene anadzolapo kumaso: dzina lake, mwezi umene anayamba, nthawi imene anatha akudzola, ndi zimene zinachitika atasiya. Pa matenda a nkhope, mndandanda umenewu kawirikawiri umauza dokotala zambiri kuposa zimene maso ake angaone tsiku limenelo.

Chifukwa choyamba chili pa khungu lenilenilo. Mabuku ambiri a matenda a khungu anajambula odwala a khungu loyera, pomwe magazi akachuluka m'mitsempha ing'onoing'ono masaya amaoneka ofiira kutali. Pa khungu lakuda kufiira kumabisala. Kumaoneka ngati kuderapo, kunyezimira, kapena kachigamba kofiirira kamene kamaonekera bwino padzuwa koma kosaoneka m'chipinda cha nyali yofooka. Mwini nkhope ndiye amadziwa kuti masaya amatentha akamaphika pamoto, amawotcha akasamba ndi sopo, ndipo amanyerenyetsa akachoka kumunda masana. Kuwonjezera apo, matendawa amabwera nkumapita. Tsiku lokaonana ndi dokotala likhoza kupezeka kuti ndi labwino, makamaka ngati wodwalayo anadzola mafuta ake usiku wathawo kuti asachite manyazi m'galimoto. Dokotala amaona nkhope ya tsiku limodzi, pamene kalata imamuonetsa nkhope ya zaka zonsezo.

Chifukwa chachiwiri nchakuti matenda angapo osiyana kwambiri amafanana pamaso. Alipo otchedwa rozesha, amene amagwira pakati pa nkhope, masaya, mphuno ndi chibwano, amabwera ndi kutentha ndi tiziphuphu, ndipo amakula ndi dzuwa, moto, tsabola, mowa ndi zakumwa zotentha. Alipo ena a mfundu, amene amakonda m'mbali mwa mphuno, m'nsidze ndi kuseri kwa makutu, khungu nkumafundula timamba tonona. Amenewa amavuta kwambiri mwa anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika, nchifukwa chake dokotala angapemphe kuyeza magazi. Alipo lupasi, matenda amene chitetezo cha thupi chimaukira thupi lomwe, amene chigamba chake chimadutsa pamphuno kupita masaya onse awiri koma nkusiya mizere ya m'mbali mwa mphuno, ndipo amatha kugwira mfundo za mafupa ndi impso. Chiliponso chipere wamba. Mankhwala a matenda amenewa ndi osiyana, ndipo ena othandiza pa amodzi amakulitsa enawo. Chimene chimawasiyanitsa si mtundu wa chigamba wokha ayi, koma pomwe chinayambira, mmene chinafalikira, ndi zimene zinachitika atachidzola kanthu.

Apa ndi pomwe pali vuto lalikulu. Mafuta ambiri a m'machubu amene amagulitsidwa m'misika, m'magolosale ndi kwa oyenda ndi katundu, kaya a zidzolo, a ziphuphu kapena oyeretsa khungu, amakhala ndi mankhwala a gulu la siteroidi. Odziwika kwambiri ndi betametazoni ndi klobetazo. Awa ndi mankhwala enieni a kuchipatala, othandiza pa matenda ena a khungu akagwiritsidwa ntchito pamalo oyenera kwa nthawi yochepa. Koma klobetazo ndi wamphamvu kuwirikiza mazanamazana poyerekeza ndi haidrokotizoni, siteroidi wofatsa amene madokotala amalola kumaso kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Khungu la kumaso ndi lopyapyala ndipo limamwa mankhwala msanga. Siteroidi amafinya timitsempha ta magazi ndi kuziziritsa kutupa, choncho m'masiku atatu kapena anayi kuyabwa kumatha, nkhope imasalala ndi kuwala, anzako nkumafunsa chimene ukudzola. Munthu akapitiriza kudzola kwa miyezi, khungu limapyapyala, timitsempha timatanuka nkuyamba kuonekera, tiziphuphu tofanana kukula timamera, ndipo ena amamera tiubweya m'masaya. Akasiya, pakangopita masiku ochepa nkhope imayaka kuposa kale, imatupa ndi kufundula. Munthu amaganiza kuti matenda akale abwerera, amathamangira chubu china, ndipo chimamuthandizadi kwa kanthawi. Zimafanana ndi ngongole ya katapira: mpumulo wa lero ndi womwe ukukulitsa vuto la mawa.

Siteroidi amasokonezanso chithunzi cha matenda oyamba. Chipere chodzoledwa mafuta amenewa chimataya mkombero wake wodziwika uja, nkufalikira mwakachetechete mopanda malire. Rozesha amene anali wochepa amasanduka woopsa. Nthawi zina matenda oyambawo anatha kalekale, ndipo chimene chatsala ndi kuwonongeka kochokera ku mafutawo. Pali mankhwala enanso a m'mafuta oyeretsa khungu, haidrokwinoni, amene akadzoledwa zaka zambiri amabweretsa madontho akuda bii pamwamba pa masaya, ovuta kuchotsa. Madokotala a ku South Africa analemba za vutoli mu 1975, ndipo dzikolo linaletsa haidrokwinoni m'zodzoladzola mu 1990. Dokotala amene sakudziwa kuti nkhope ili patsogolo pake yamwa mankhwala oterewa akhoza kuona khungu lotupa nkulemba siteroidi wina. Sikuti ndi wosadziwa ntchito, koma kuti umboni wofunika sunamufike.

Tiyerekeze mayi wa zaka 34, mlimi wa fodya ndi chimanga ku Hewe, amene wapatsidwa tsiku lokaonana ndi dokotala wa khungu. Kalata yake ikhoza kukhala yotere:

“Kwa a Dokotala a khungu. Ndine mayi wa zaka 34, ndimalima ndipo ndimaphika pa nkhuni. Vuto langa linayamba zaka zitatu zapitazo, m'nyengo yotentha, ndi tiziphuphu toyabwa pa tsaya lamanja. Tsopano masaya onse awiri ndi chibwano zimatentha ndi kufiirira, koma m'maso, m'khosi ndi m'manja mulibe kanthu. Zimakula ndikakhala padzuwa kapena pafupi ndi moto. Poyamba ndinadzola mafuta a chubu cha magalamu 30 ogula pamsika, m'mawa ndi madzulo. Ziphuphu zinatha m'sabata imodzi. Ndakhala ndikugula chubu chimodzi mwezi uliwonse mpaka lero. Ndinayesa kusiya kawiri, koma pasanathe sabata nkhope inatupa ndi kuwotcha, ndiye ndinayambiranso. Chaka chatha ndinasamba sopo woyeretsa khungu kwa miyezi iwiri, anandiwotcha ndipo ndinasiya. Ndinapakanso madzi a mandimu katatu, anandipweteka. Kuchipatala kwathu anandipatsa mafuta a chipere, ndinadzola masabata awiri pamodzi ndi chubu changa chija, sindinaone kusintha. Ndimabayitsa jakisoni wolera, sindili ndi pakati, sindikumwa mankhwala ena. Sindimva kupweteka m'mfundo, tsitsi silikuthothoka, m'kamwa mulibe zilonda. Machubu ndi mapepala ake ndabwera nawo.”

Kalatayi ndi yaifupi, koma taonani zimene yapereka. Chubu cha magalamu 30 mwezi uliwonse kwa zaka zitatu ndi machubu 36, kutanthauza mafuta opitirira kilogalamu imodzi pa nkhope imodzi. Mayiyu akanangoti “ndimadzola pang'ono,” palibe akanaganizira muyeso wotere. Mawu akuti anasiya kawiri nkhope nkutupa pasanathe sabata ndi chizindikiro champhamvu chakuti khungu lazolowera siteroidi. Mawu akuti vuto linayamba tsaya limodzi ndi kuyabwa amasiya mpata woti pansi pake pali chipere chobisika, ndipo dokotala angapale timamba kuti akatione pa makina oonera tizilombo. Kulephera kwa mafuta a chipere sikutsutsa zimenezi, popeza ankawadzola pamodzi ndi siteroidi, komanso kwa masabata awiri okha. Ndipo zinthu zimene walemba kuti alibe nzofunika mofanana ndi zimene ali nazo: kusapweteka kwa mfundo, tsitsi losathothoka ndi m'kamwa mopanda zilonda zimachepetsa nkhawa ya lupasi, ngakhale sizimaichotseratu.

Mzere wonena kuti m'khosi ndi m'manja mulibe kanthu uli ndi tanthauzo lapadera kuno kwathu, kumene nsima ya chimanga ndiyo chakudya cha tsiku ndi tsiku. Matenda a pelagira amabwera thupi likasowa vitamini wotchedwa nayasini, ndipo amaoneka ngati kupsa ndi dzuwa pamalo osavala: kumaso, kuseri kwa manja, kumapazi, ndi mozungulira khosi ngati mkanda. Amatha kubwera ndi kutsegula m'mimba komanso kusokonezeka maganizo. Mu 1990 anthu opitirira 18,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene anali kuno ku Malawi anadwala pelagira, nthawi imene mtedza unasowa pa chakudya chimene ankalandira. Mankhwala a aisoniyazidi, amene ena amamwa podziteteza ku chifuwa chachikulu, amawonjezera mpata wa matendawa, monganso mowa wambiri. Nchifukwa chake kalata iyenera kutchula mapiritsi onse amene munthu akumwa, kuphatikizapo ma ARV ndi bakitirimu, ngakhale akuona ngati alibe gawo pa nkhope. Pelagira amachira ndi mapiritsi a vitaminiyo ndi chakudya chosinthasintha monga mtedza, nyemba, nsomba ndi mazira, pomwe mafuta a m'chubu sangamukhudze nkomwe.

Mbali yomaliza ya kalata ndi mafunso, ndipo asapitirire anayi kapena asanu, chifukwa mafunso khumi amathera kuyankhidwa mothamanga onse. Loyamba likhale lakuti, kodi mafuta amene ndikudzola ndisiye lero, kapena ndichepetse pang'onopang'ono, nanga nkhope ikatupa ndichite chiyani? Funsoli ndi lalikulu kuposa onse, chifukwa madokotala amasankha njira potengera mphamvu ya mafutawo ndi kutalika kwa nthawi: ena amawasiyitsa kamodzi, ena amawapatsa siteroidi wofatsa kwa masabata angapo kuti khungu litsike bwino. Njira iliyonse ili ndi masabata ovuta, ndipo wodwala amene sanachenjezedwe amaganiza kuti dokotala walakwitsa, nkubwerera kumsika. Lachiwiri, kodi ndiyembekezere kusintha pakapita nthawi yaitali bwanji? Yankho loona nthawi zambiri ndi masabata ambiri kapena miyezi, ndipo timitsempha totanuka kapena madontho akuda mwina sizingatheretu. Lachitatu, kodi mankhwala amene mwandilembera ali ndi vuto ngati nditatenga pakati kapena ndikuyamwitsa? Mapiritsi a dokisisaikilini, amene amaperekedwa kawirikawiri pa rozesha ndi pa nkhope yowonongeka ndi siteroidi kwa masabata 6 mpaka 12, saloledwa kwa mayi woyembekezera, amafuna kumwera madzi ambiri osagona nthawi yomweyo, ndipo amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, nkhani yofunika kwa munthu amene amaswera kumunda. Lachinayi ndi la munthu wa kutali: kodi mankhwalawa akatha kapena akasowa ndikawapeza kuti, ndipo kodi a chipatala cha Katowo angandione m'malo mobwerera kuno? Ndi bwino kupempha dokotala kuti alembe dongosolo lonse m'buku la kuchipatala, kuti aliyense wodzalitsegula kwathu adzadziwe chochita.

Pali zotsutsa zingapo zimene ziyenera kuyankhidwa. Wina anganene kuti madokotala a m'zipatala za boma alibe nthawi yowerenga makalata, ndipo kalata imene imagwira ntchito ndi yotumiza wodwala yolembedwa ndi achipatala. Nzoona kuti kalata ya wodwala siilowa m'malo mwa imeneyo, ndipo munthu sangaidumphe njira ya chipatala chifukwa choti walemba tsamba lake. Koma kuchepa kwa nthawi ndiko kukufunitsa kalatayi. Kuwerenga tsamba limodzi lolembedwa mwadongosolo kumatenga mphindi ziwiri, pamene kufunsa mbiri yomweyo kwa munthu wotopa ndi wamantha kumatenga nthawi yaitali nkusiyabe mipata. Buku la kuchipatala limasunga zimene achipatala anapereka, koma zogula pamsika ndi zobwereka kwa mlamu sizilembedwamo, pomwe izozo ndi zimene zikufunika. Ngakhale dokotala atapanda kuiwerenga, wodwala amene analemba amakhala atakonza kale maganizo ake, ndipo amayankha molunjika.

Wina anganene kuti ku Hewe anthu amalankhula Chitumbuka, ena salemba bwino, ndipo mayina a mankhwala ndi ovuta. Kalatayi ikhoza kulembedwa m'Chitumbuka, m'Chichewa kapena m'Chingerezi, malinga ndi chimene munthu amachidziwa, ndipo mwana wa sukulu, wachibale wodalirika kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi angathandize. Mayina a mankhwala asalembedwe pokumbukira. Akoperedwe chilembo ndi chilembo kuchokera pa chubu, makamaka timalemba ting'onoting'ono ta pansi pa dzina lalikulu, chifukwa ndi pamene pamalembedwa mankhwala enieni ndi mphamvu yake. Choposa zonse ndi kutenga machubu eniakewo m'jumbo, ngakhale otha ndi ofinyika. Mafuta osakaniza ogulidwa m'kabotolo kopanda dzina nawonso atengedwe, ndipo kalata inene poyera kuti wogulitsa sananene zimene zilimo. Amene ali ndi foni yojambula ajambule nkhope pa tsiku loipa, panja pamthunzi, kutsogolo ndi mbali zonse ziwiri.

Chotsutsa chachitatu ndicho cholemera, ngakhale sichinenedwa mokweza: manyazi. Kuvomera kuti unadzola mafuta oyeretsa khungu kumaoneka ngati kudziimba mlandu, ndipo ambiri amaopa kukalipiridwa pamaso pa anthu. Mantha amenewa si opanda pake. Koma pepala lili ndi ubwino wakuti limanena zimene pakamwa pakulephera, mosamveka kwa amene ali kuseri kwa chitseko. Tikumbukirenso kuti ambiri sanayambe nkufuna kuyera. Anayamba ndi chiphuphu kapena chidzolo, mnzawo nkuwapatsa chubu mwachikondi. Mlandu waukulu uli pa kupezeka kwa mankhwala amphamvu chotere pamalo pomwe wogulitsa sadziwa kuopsa kwake, ndipo kuyang'anira zimenezi ndi ntchito ya bungwe loona za mankhwala la PMRA. Kwa achipatala pempho ndi limodzi: wodwala amene wabwera ndi jumbo la machubu wachita chinthu chanzeru, ndipo akamukalipira, wotsatira wake adzabisa.

Ena amada nkhawa kuti kalata ingasocheretse dokotala, wodwala akafika atadzipatsa kale dzina la matenda. Nkhawayi ndi yomveka, ndipo yankho lake lili pa kalembedwe. Kalata yabwino siitchula matenda. Imanena malo, nthawi, zimene munthu akumva ndi zimene anachita. “Ndili ndi rozesha” ndi chiganizo chimene chingatseke maso a wowerenga, pomwe “masaya amatentha ndikaphika, ndipo amazizira pakatha ola” ndi umboni umene dokotala angauyese yekha. Ku Malawi akatswiri a khungu ndi ochepa, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyi limagwiridwa ndi makiliniko ofesa, ena mwa iwo ophunzitsidwa ku sukulu ya matenda a khungu ya ku Moshi m'dziko la Tanzania, imene inatsegulidwa mu 1992. Anthu amenewa matenda amawadziwa. Chimene sangachidziwe pawokha ndi zimene zinachitika kunyumba kwa wodwala.

Kalata ili ndi malire ake, ndipo pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira tsiku lolembedwa. Ngati kufiira kwa nkhope kwabwera ndi kutentha thupi, kupweteka kwa mfundo, kutupa mapazi kapena zikope, mkodzo wa thovu, zilonda za m'kamwa, kupweteka kwa maso kapena kusaona bwino, munthu apite ku chipatala chapafupi tsiku lomwelo. Chimodzimodzi ngati khungu layamba matuza ndi kusupuka atangoyamba mapiritsi atsopano, kapena ngati pali kutsegula m'mimba kosatha ndi kuiwalaiwala.

Kwa ena onse, masabata odikira ali ndi ntchito yake. Asayambe mafuta atsopano, asapake mandimu, mankhwala otsukira mano kapena phulusa, asakhule nkhope ndi chinkhupule, ndipo avale chipewa chachikulu akamapita kumunda. Chubu chimene akudzola apite nacho kwa achipatala cha Katowo kuti awerenge zimene zilimo ndi kuwalangiza ngati nkoyenera kuyamba kuchepetsa ulendo usanafike, m'malo mosiya mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. Tsiku la ulendo asadzole paudala kapena china chophimba nkhope, ndipo kalata inene tsiku limene anadzola mafuta ake komaliza. Alembe makalata awiri ofanana, imodzi ya dokotala, ina yosunga m'buku la kuchipatala, ndipo kuseri kwa yakeyo alembe mayankho asanatuluke m'chipinda: dzina la mankhwala, kangati patsiku, kwa masabata angati, ndi tsiku lobwerera. Kuchira kwa nkhope yotere kumachitikira kunyumba, m'miyezi imene dokotala sakhalapo, ndipo sabata yovuta ikadzafika, wodwala adzafunika kuwerenga pamenepo kuti kutupako anamuchenjeza kale ndipo si chifukwa chogulira chubu china.